Phindu limayambira pati mukamagulitsa zinthu zingapo nthawi imodzi?

Munthu amene amagulitsa chinthu chamtundu umodzi savutika kudziwa pamene phindu lake limayambira. Amaona ndalama imene imatsala pa chinthu chilichonse akachotsa zimene walowetsapo, kenako amawerenga kuti afunika kugulitsa zingati kuti lendi, malipiro a antchito ndi zina zotere zikwanire. Yankho limakhala nambala imodzi. Koma akangowonjezera katundu wachiwiri ndi wachitatu, funso lomwelo limasiya kukhala ndi yankho limodzi, chifukwa lendi yomweyo akhoza kuilipira pogulitsa zambiri za mtundu uwu ndi zochepa za mtundu uwo, kapena mosinthanitsa. Kuti papezeke nambala imodzi, pamafunika kugwirizana kaye kuti katunduyo amatuluka mosakanikirana bwanji. Nambala imene imapezeka pambuyo pake imakhala yoona pokhapokha kasakanizidweko kakhala mmene tinanenera. Eni mabizinesi ambiri amakumbukira nambalayo koma n'kuiwala pangano limene inachokerapo.

Tiyeni titenge kampani yaing'ono yopanga mipando, matebulo ndi makabati. Ndalama tiziwerenga ndi manambala okha popanda kutchula kuti ndi za dziko liti, popeza masamu ake ndi amodzimodzi kulikonse.

Ndalama zimene kampaniyi imawononga zili mitundu iwiri. Zina zimatsata katundu: matabwa, misomali, guluu, vanishi, komishoni ya wogulitsa. Mukapanga mpando wina zimakwera, mukapanda kupanga sizituluka. Zina ndi zokhazikika: lendi, inshuwalansi, malipiro a antchito olembedwa pamwezi, kutha mphamvu kwa makina. Izi zimafunika kulipidwa ngakhale mwezi umene simunagulitse kanthu. Pa kampani yathuyi, zokhazikika ndi 14,000 pamwezi.

Mpando umagulitsidwa 40 ndipo zolowa zake ndi 30, choncho umasiya 10. Tebulo limagulitsidwa 100, zolowa zake ndi 60, limasiya 40. Kabati imagulitsidwa 300, zolowa zake ndi 150, imasiya 150. Ndalama imene imasiyidwayi tiziitchula kuti chotsala. Chotsala si phindu ayi. Ndi ndalama imene chinthu chilichonse chimasonkha kuti zokhazikika zija zilipidwe, ndipo phindu limayamba kuoneka pokhapokha msonkhemsonkhewo wakwana 14,000. Pamene wakwanira ndendende, osaluza komanso osapindula, ndi pamene tizipatchula kuti poyambira phindu.

Kumanga mtolo

Mabuku a kampaniyi akusonyeza kuti pa mipando 5 iliyonse imene yagulitsidwa, pamatulukanso matebulo 2 ndi kabati imodzi. Njira yosavuta kwambiri ndi kuyerekeza kuti zinthu 8 zimenezi zamangidwa pamodzi kukhala mtolo, ndipo kampaniyo imagulitsa chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi mtolowo. Palibe kasitomala amene amabwera kudzagula mtolo wotere. Ndi mtolo wa papepala, koma umatibwezera ku masamu ophweka a munthu wa katundu mmodzi uja.

Mtolo umodzi umabweretsa ndalama zingati? Mipando 5 ndi 200, matebulo 2 ndi 200, kabati ndi 300, zonse pamodzi 700. Nanga umasiya zingati? Mipando imasiya 50, matebulo 80, kabati 150, zonse pamodzi 280. Ndiye ngati mtolo uliwonse ukusonkha 280, kuti 14,000 ikwane pafunika mitolo 50. Tikaimasula mitoloyo tipeza mipando 250, matebulo 100 ndi makabati 50, ndipo ndalama zonse zogulitsa ndi 35,000. Pamenepo ndiye poyambira phindu.

Ndi bwino kutsimikizira yankholi pobwerera m'mbuyo, chifukwa sizitenga nthawi. Mipando 250 isiya 2,500, matebulo 100 asiya 4,000, makabati 50 asiya 7,500. Kuphatikiza zonse ndi 14,000, ndipo lendi ndi zinzake zikachotsedwa palibe chotsalira. Kugawa kukapanda kutha bwino, mwachitsanzo kukatuluka mitolo 50.3, mumakweza kufika 51, chifukwa pa 50 mukadali pang'ono pansi pa mzere.

Pali njira yachiwiri imene imafika pa yankho lomwelo, ndipo ndi imene imathandiza bizinesi ikakhala ndi katundu wamitundu mazanamazana moti kumanga mtolo sikungatheke. M'malo mowerenga zinthu, mumafunsa kuti pa ndalama iliyonse yogulitsa pamatsala gawo lanji. Pa mtolo wathu, 280 pa 700 ndi 40 peresenti. Kutanthauza kuti pa 100 iliyonse yolowa m'kaundula wa malonda, 60 imabwerera ku matabwa ndi zinzake, 40 ndiyo imapita kukalipira zokhazikika. Mukagawa 14,000 ndi 0.4 mupeza 35,000 yomwe ija.

Pano ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, ndipo kupunthwa kwake kumachokera pa mawu oti avereji. Wina amaona zotsala zitatu, 10, 40 ndi 150, n'kuziphatikiza, n'kugawa ndi 3, n'kupeza pafupifupi 67. Kenako amagawa 14,000 ndi nambala imeneyo n'kunena kuti zinthu 210 zikwanira. Koma mitolo 50 ya zinthu 8 ndi zinthu 400. Cholakwika chake n'chakuti waiwerenga kabati ngati imatuluka kawirikawiri mofanana ndi mpando, pamene pa zinthu 8 zilizonse kabati ndi imodzi yokha. Avereji yoona ndi 280 kugawa ndi 8, yomwe ndi 35 pa chinthu chilichonse. Munthu wotsata avereji yolakwikayo angayambe kudziona ngati akupindula asanafike n'komwe patali.

Kulakwitsa kwina n'kobisika kuposa apa, ndipo kumagwira ngakhale anthu odziwa masamu. Mpando umasiya 25 peresenti ya mtengo wake, tebulo 40 peresenti, kabati 50 peresenti. Munthu amadziwa kuti ayenera kulemeretsa maperesentiwa molingana ndi kasakanizidwe, ndiye amatenga 5, 2 ndi 1 zija n'kugwiritsa ntchito. Amapeza pafupifupi 32 peresenti, ndipo poyambira phindu pake pamakwera kufika pafupifupi 43,900. Vuto ndi lakuti maperesentiwa ndi a ndalama, choncho ayenera kulemeretsedwa ndi gawo la ndalama limene katundu aliyense amabweretsa, osati ndi chiwerengero cha zinthu. Kabati ndi chinthu chimodzi pa 8, koma ndi 300 pa 700 ya ndalama, pafupifupi 43 peresenti ya malonda onse. Mukalemeretsa ndi 200, 200 ndi 300, ndi pamene 40 peresenti imatuluka. Choncho wina akakuuzani kuti malonda ake amasakanikirana 5 kwa 2 kwa 1, mufunseni kaye ngati akunena za zinthu kapena za ndalama. Ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Mpata wa chitetezo

Tsopano tinene kuti mwezi wabwinobwino kampaniyi imagulitsa mitolo 80, kutanthauza mipando 400, matebulo 160 ndi makabati 80. Ndalama zogulitsa ndi 56,000, chotsala chonse ndi 22,400, ndipo tikachotsa 14,000 phindu ndi 8,400.

Mpata wa chitetezo ndi mtunda umene uli pakati pa malonda enieni ndi poyambira phindu. Umayankha funso limene mwini bizinesi aliyense amagona nalo, loti malonda angatsike kufika pati asanayambe kudya mpamba. Apa mpatawo ndi 56,000 kuchotsa 35,000, yomwe ndi 21,000, kapena mitolo 30. Pouyerekeza ndi malonda onse, ndi 37.5 peresenti. Onetsetsani kuti mukugawa ndi malonda enieni kapena oyembekezeredwa, osati ndi poyambira phindu. Mukagawa 21,000 ndi 35,000 mupeza 60 peresenti, nambala yosangalatsa m'maso koma yoyankha funso lina.

Pali ubale umene ndimaukonda pakati pa mpatawu ndi phindu. Mitolo 50 yoyambirira yonse imagwirira ntchito lendi ndi malipiro. Phindu lonse la mwezi limachokera pa mitolo 30 yomalizayo, ndipo mukhoza kuziona nokha: 30 kuchulukitsa ndi 280 ndi 8,400. N'chifukwa chake malonda akatsika pang'ono phindu limatsika kwambiri, popeza chimene chimadyeka ndi mitolo yakumapetoyo pamene lendi siisuntha. Malonda akatsika ndi 10 peresenti, mitolo 8 yapita, chotsala chachepa ndi 2,240, ndipo phindu lachoka pa 8,400 kufika pa 6,160. Kumeneko ndi kutsika kwa pafupifupi 27 peresenti. Nambala yochulukitsirayo, pafupifupi 2.7, imapezeka pogawa 1 ndi 0.375. Mpata ukakhala wopapatiza, nambalayo imakula. Bizinesi imene mpata wake ndi 10 peresenti yokha, kutsika kwa malonda kwa 5 peresenti kumaichotsera theka la phindu.

Mpaka pano zonse zikuyenda bwino, koma zikuyenda bwino chifukwa takhala tikuganiza kuti malonda akamatsika amatsika mitolomitolo. Mipando 5 ikasowa wogula, matebulo 2 ndi kabati imodzi nazonso zimasowa wogula. Msika suchita zinthu mwadongosolo chonchi.

Mtolo ukamasuka

Taganizani kuti wina watsegula malo ogulitsira makabati otchipa, ndipo makasitomala a makabati okha ndi amene ayamba kuchoka. Mipando ndi matebulo zikugulitsidwa monga kale. Kabati iliyonse yosagulitsidwa imachotsa 150 pa phindu, ndiye phindu la 8,400 litha makabati 56 akasowa wogula. Makabati 56 ndi malonda a 16,800, omwe ndi 30 peresenti ya 56,000. Mwini kampani amene anasunga m'mutu kuti ali ndi mpata wa 37.5 peresenti adzakhala akudzilimbitsa mtima kuti akadali ndi malo, pamene wafika kale pa mzere. Malonda a makabati akatsika mpaka kukwana 21,000 imene ankaidalira ija, kutanthauza makabati 70, mweziwo aluza 2,100.

Tembenuzani nkhaniyo. Tinene kuti ndi mipando imene yasiya kuyenda, yonse 400. Malonda atsika ndi 16,000, pafupifupi mofanana ndi nkhani ya makabati ija, koma chotsala chachepa ndi 4,000 yokha, ndipo phindu la 4,400 likadalipo. Kuti lithe, pafunika kuti matebulo 110 nawonso asagulitsidwe. Zonse pamodzi malonda akhala atatsika ndi 27,000, yomwe ndi 48 peresenti, kampani isanayambe kuluza.

Ndiye kampani yomweyi, mwezi womwewu, mpata wake weniweni uli pena pake pakati pa 30 ndi 48 peresenti, malinga ndi mbali imene mphepo yachokera. Nambala ya 37.5 si yabodza, koma ndi ya njira imodzi yokha ya katsikidwe, imene katundu yense amatsika mofanana. Ine ndikamathandiza munthu kuwerengera zimenezi sindimusiya ndi nambala imodzi. Ndimamupatsa yapakatiyo, komanso yoipitsitsa, imene imapezeka poyamba kuchotsa katundu amene gawo lake la chotsala ndi lalikulu kuposa onse. Yoipitsitsayo ndi imene munthu ayenera kuiganizira asanatenge ngongole kapena kusaina lendi yatsopano.

Kumasuka kwa mtolo kumene kumapweteka kwambiri ndi kumene sikuoneka, chifukwa ndalama zonse zogulitsa sizisintha. Mwezi wina kampaniyi yalandira oda yaikulu ya mipando ndipo yagulitsa 700. Matebulo akhala 160 monga kale. Makabati atsika kufika pa 40, mwina chifukwa akalipentala anatanganidwa ndi mipando ija. Mipando yabweretsa 28,000, matebulo 16,000, makabati 12,000. Kuphatikiza ndi 56,000, ndendende ngati mwezi wapitawo. Antchito atulutsa zinthu 900 m'malo mwa 640. Aliyense woyang'ana pakhomo angaganize kuti bizinesi yakula.

Koma chotsala chikunena zina. Mipando yasiya 7,000, matebulo 6,400, makabati 6,000, zonse 19,400. Phindu latsika kuchoka pa 8,400 kufika pa 5,400. Palibe mtengo umene watsitsidwa, matabwa sanakwere, lendi ndi yomweyo, palibe amene waba. Chasintha n'chakuti 12,000 ya malonda yasamuka kuchoka pa katundu wosiya theka la mtengo wake kupita pa katundu wosiya 25 peresenti yokha. Pa 100 iliyonse yosamukayo patayika 25, ndipo pa 12,000 patayika 3,000.

Ndi kasakanizidwe katsopanoka, gawo la chotsala la kampani yonse latsika kufika pa 34.6 peresenti. Poyambira phindu pakwera kuchoka pa 35,000 kufika pafupifupi 40,400, ndipo mpata wa chitetezo wachepa kufika pafupifupi 28 peresenti. Taonani kuti mpatawo wachepa malonda asanatsike. Mzere ndi umene wasendera pafupi. Ambiri amaganiza kuti poyambira phindu ndi ngati mwala wa m'malire wokumbiridwa pansi, umene amauyeza kamodzi pachaka n'kuusiya, koma pa bizinesi ya katundu wosiyanasiyana mwalawo umayenda mwezi ndi mwezi.

Mungadziwe bwanji kuti zikukuchitikirani? Chizindikiro choyamba ndi chimene taona, malonda osasintha kapena okwera pamene phindu likutsika. Chachiwiri ndi chiwerengero cha zinthu zogulitsidwa kukwera msanga kuposa ndalama. Koma njira yotsimikizika ndi kuwerengera mwezi uliwonse chotsala chonse n'kuchigawa ndi malonda onse, kenako kulemba maperesentiwo motsatizana. Akamayendayenda pakati pa 39 ndi 41, mtolo wanu ndi wodalirika. Akamatsika mwezi ndi mwezi, 40, 38, 36, ndiye kuti china chake chasintha, ndipo mumayang'ana gawo la katundu aliyense payekha. Ngati mpando ukadali pa 25, tebulo pa 40 ndi kabati pa 50, koma gawo la kampani yonse latsika, mlandu ndi wa kasakanizidwe. Ngati gawo la katundu wina payekha latsika, vuto lili pa mtengo wake kapena pa zolowa zake, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Amene amasunga manambala awo pa kompyuta, mu pulogalamu ngati Excel, akhoza kuchita zonsezi ndi mzere umodzi. Ngati chiwerengero cha zogulitsidwa chili mu B2 mpaka B4, mitengo mu C2 mpaka C4, chotsala cha chinthu chilichonse mu D2 mpaka D4, ndipo zokhazikika zili mu F1, poyambira phindu mu ndalama ndi apa:

```
=F1/(SUMPRODUCT(B2:B4,D2:D4)/SUMPRODUCT(B2:B4,C2:C4))
```

Mukasintha chiwerengero cha mwezi, yankho limasintha lokha, ndipo mumauona mzere uja ukuyenda.

Funso loyenera kufunsidwa musanayambe kuwerengera n'komwe ndi lakuti kasakanizidweko kamachokera kuti. Nthawi zina kamakhala kokhazikikadi. Ngati matebulo amagulitsidwa ngati seti, tebulo limodzi ndi mipando inayi, kapena ngati pali mgwirizano ndi wogula mmodzi wotenga katundu mwa muyeso wodziwika, kapena ngati zinthu ziwiri zimachokera m'ntchito imodzi moti simungapange ichi popanda icho, mtolo ndi weniweni. Koma nthawi zambiri 5, 2 ndi 1 zimangokhala avereji ya chaka chatha. Avereji ya chaka ikhoza kubisa miyezi imene mipando imayenda yokha ndi miyezi imene makabati amalamulira. Zikatero, ndi bwino kumanga mtolo wa nyengo iliyonse padera kusiyana ndi kukhulupirira mtolo umodzi umene sunachitikepo mwezi uliwonse.

Kugawira katundu lendi

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka chanzeru koma chimasocheretsa. Munthu amati, bwanji ndingogawa 14,000 ija pakati pa mipando, matebulo ndi makabati, kuti aliyense akhale ndi poyambira phindu pake? Vuto ndi lakuti palibe njira imodzi yoona yogawira, ndipo njira iliyonse imapereka nkhani yake. Mukagawa potsata ndalama zogulitsa, mipando isenza 4,000, ndipo popeza mipando 400 imasiya 4,000, ioneka ngati sipindula komanso siluza. Mukagawa potsata chiwerengero cha zinthu, mipando isenza magawo 5 pa 8, omwe ndi 8,750, ndipo ioneka kuti ikuluza 4,750 mwezi uliwonse. Mipando ndi yomweyo, denga ndi lomwelo, chasintha ndi cholembera basi.

Mwini kampani woona 4,750 imeneyo angaganize zosiya kupanga mipando. Akatero, lendi siitsika, inshuwalansi siitsika, koma 4,000 imene mipando inkasonkha yapita. Phindu lichoka pa 8,400 kufika pa 4,400, monga tinaonera kale. Ndipo mwina lingatsike kuposa apo, chifukwa ena ogula matebulo ankabwera chifukwa chodziwa kuti apezanso mipando pamalo amodzi.

Zokhazikika zimene zili bwino kuzilemba pa katundu mmodzi ndi zokhazo zimene zingatheretu katunduyo atasiyidwa, monga makina obwereka opangira mipando yokha, kapena wantchito amene ntchito yake ndi mipando basi. Ngati pa 14,000 ija 3,000 ndi yotere, ndiye kuti mipando imafunika kufika 300 kuti idzilipirire yokha, ndipo pa 400 ikuthandizabe kampani ndi 1,000. Funso lotere lili ndi tanthauzo. Koma lendi ya nyumba yonse ndi ya mtolo wonse.

Kusintha mtengo wa katundu mmodzi nakonso kumasuntha mzere wa onse. Mukatsitsa kabati ndi 10 peresenti kufika pa 270, zolowa zake zikadali 150, ndiye chotsala chake chagwa kufika pa 120. Mtengo watsika ndi gawo limodzi pa 10 koma chotsala chatsika ndi gawo limodzi pa 5. Mtolo tsopano ukusiya 250, ndipo poyambira phindu pafika pa mitolo 56. Komabe samalani ndi yankho limeneli, chifukwa cholinga chotsitsira mtengo chinali choti makabati agulitsidwe ambiri, kutanthauza kuti 5, 2 ndi 1 zija sizikhalanso choncho. Apa masamu a mtolo wokhazikika amafika pothera nzeru zake, ndipo chofunika ndi kufunsa mwachindunji kuti makabati angati a 120 angabwezere 12,000 imene makabati 80 a 150 ankasiya. Yankho ndi 100, kutanthauza kuti malonda a makabati ayenera kukwera ndi 25 peresenti kuti mungobwerera pomwe munali.

Malire ena a njirayi ndingowatchula mwachidule. Zokhazikika zimakhazikika mpaka pamlingo wina wake. Mukapitirira mphamvu za nyumba ndi makina amene muli nawo, pafunika chipinda china kapena kapitawo wina, ndipo 14,000 imalumpha. Masamuwa amaganizanso kuti zonse zopangidwa zagulitsidwa, choncho makabati odzaza m'nyumba yosungiramo katundu sasonkha kalikonse. Ndiponso kufika poyambira phindu m'mabuku sikutanthauza kuti ndalama zili m'manja, ngati makasitomala atenga katundu pa ngongole.

Wowerenga wina afika pano akuganiza kuti nzeru ndi yoonekeratu, kungokankhira makabati n'kuchepetsa mipando, popeza kabati ndiyo imasiya theka la mtengo wake. Zimenezi ndi zoona ngati chimene chikusowa ndi makasitomala pamene manja ndi makina zili ndi mpata. Koma ngati chimene chikuperewera ndi nthawi ya akalipentala, muyeso umasintha. Tinene kuti mpando umatenga ola limodzi, tebulo maola 4, kabati maola 20. Ola la pa mpando limabweretsa 10, ola la pa tebulo 10, ola la pa kabati 7.5. Pa malo ogwirira ntchito odzaza kale, kabati imene inkaoneka ngati mfumu ndiyo ikulipira ola motchipa kuposa zonse.

Tibwerere ku mwezi wa oda yaikulu uja ndi muyeso umenewu. Makabati 40 amene sanapangidwe anamasula maola 800, pamene mipando 300 yowonjezerayo inadya maola 300 okha. Choncho kunena kuti akalipentala anatanganidwa ndi mipando sikukufotokoza zonse, chifukwa maola 500 sakuoneka kumene anapita. Akanagwiritsidwa ntchito pa matebulo 125 amene ali ndi wogula, akanabweretsa 5,000, ndipo phindu la mweziwo likanakhala 10,400, kuposa 8,400 ya mtolo wakale uja.